Ulendo wa Blantyre mpaka Karonga ndi ana awiri, wina wosanza m'basi

"Mu Julayi ndikupita ku Karonga kukaona apongozi, kuchokera ku Ndirande. Ndili ndi mtsikana wa zaka 4 ndi khanda la miyezi 9 loyamwa, ndipo ndidzayenda ndekha. Wamkuluyo amasanza ngakhale pa minibasi yopita ku Zomba. Ndimudyetse chiyani, ndiwaveke bwanji, nanga ndimumwetse mankhwala ogonetsa monga akundiuzira anzanga?" (Mayi wa ku Ndirande)

Mayi, tiyambe ndi msewu womwe mudzadutsewo, chifukwa ndi umene udzakuuzeni nthawi yodyetsa mwana, nthawi yomuveka juzi ndi nthawi yogwira chosanzira pafupi. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi pafupifupi 360, ndipo kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Karonga ndi ena opitirira 200. Mukawerengera kuima pa marodibuloko, kukweza ndi kutsitsa anthu m'madepoti, muyembekezere maola osachepera 14, ndipo nthawi zambiri amapitirira. Koma mtunda wonsewu si wofanana kwa mwana wa nseru. Malo amene mimba imatembenuka kwenikweni ndi atatu: chikweza cha pakati pa Ntcheu ndi Dedza, makona a ku Chikangawa mukadutsa Jenda, ndi chitsikirero cha Chiweta mukalowera kunyanja. Awiri omalizawa ndi amene amavuta koposa. Pakati pa Lilongwe ndi Kasungu msewu ndi wowongoka ndipo dziko ndi lathyathyathya, choncho pamenepo mwana amapuma.

Langizo langa loyamba ndi lakuti muudule ulendowu pawiri, ndipo muudulire pa Mzuzu. Ambiri amaganiza za Lilongwe chifukwa ndi kumene kuli abale ochuluka, ndipo ngati kumeneko ndi kokhako kumene muli ndi pogona, palibe cholakwa. Koma mukagona ku Mzuzu, Chikangawa ndi Chiweta zimagwera masiku osiyana, ndipo mwana amayamba Chiweta atagona bwino, m'mimba mutakhazikika. Mwana amene wasanza ku Chikangawa kenaka n'kulowa Chiweta patangopita maola awiri kapena atatu amafika ku Karonga atafooka kwambiri, inunso mikono itatopa ndi khanda. Za basi ya usiku, n'zoona kuti mwana akagona tulo sasanza kawirikawiri, chifukwa maso akhala otseka. Komabe kwa mayi amene ali yekha ndi ana awiri mu Julayi sindikuilimbikitsa. Kumazizira kwambiri, simungaone nkhope ya mwana kuti mudziwe ngati wayamba kudwala, ndipo kutsika ndi ana awiri mumdima kuti wina akataye madzi si chinthu chapafupi.

Wa zaka 4 uja mumugulire mpando wakewake. Ndikudziwa kuti ndalama ya tikiti yachiwiri imawawa, koma miyendo yanu ili ndi mwini kale, amene ndi khandalo. Mwana wopanikizika pakati pa inu ndi mpando wa kutsogolo, amene sakuona panja ndipo akupuma mpweya wotentha, ndi amene amasanza msanga. Gulani matikiti kudakali masiku kuti musankhe malo. Pemphani mipando ya cha kutsogolo kapena pakatikati pa basi, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Mipando ya kumbuyo kwenikweni imadumpha pa bampu iliyonse, imagwedera kwambiri pa kona, ndipo m'mabasi ambiri ndi kumene kuli kutentha kwa injini ndi fungo la dizilo. Mpando woyambirira woyang'anizana ndi galasi la kutsogolo ndi wabwino ku nseru, koma ndi khanda m'manja sindingakuikenipo, chifukwa dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi palibe chokutchingani. Mzere wachitatu mpaka wachisanu ndi wabwino. Ngati mpando uli ndi lamba, mumumange wamkuluyo, inunso mudzimange, koma lamba wanuyo asazungulire inu ndi khanda pamodzi.

Kuti mumvetse zimene ndinene pa kusanza, muyenera kudziwa chimene chimachitika m'thupi. Mkati mwa khutu muli tiziwalo timene timamva ngati thupi likuyenda, likupendekeka kapena likutembenuka. Basi ikamakhota, khutu limauza ubongo kuti tikugwedezeka. Koma ngati maso akuyang'ana kumbuyo kwa mpando, kapena foni, amauza ubongo kuti takhala phee. Mauthenga awiri otsutsanawa ndi amene amabweretsa chizungulire ndi nseru. N'chifukwa chake vutoli si la m'mimba kwenikweni, ngakhale limathera m'mimba. Makanda osakwana zaka 2 savutika nalo kawirikawiri. Limayamba cha pa zaka 2, limakula mwana akamayamba sukulu, ndipo ambiri limawachepera akamakula. Choncho mtsikana wanu si wodwala, ndipo si kuti akuchita dala. Koma zikutanthauzanso kuti khanda lanu la miyezi 9 likayamba kusanza mobwerezabwereza pa ulendowu, musafulumire kunena kuti ndi basi. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi.

Popeza gwero lake ndi kusagwirizana kwa maso ndi khutu, chithandizo chachikulu ndi kuwagwirizanitsa. Pindani bulangeti kapena zitenje ziwiri kuti mwana akhalire, akwere pang'ono mpaka aziona panja. Mumuuze aziyang'ana kutali cha kutsogolo, kumapiri kapena kumene msewu ukupita, osati mitengo ya m'mbali mwa msewu imene ikudutsa mothamanga. Mutu wake utsamire ku mpando kapena paphewa panu kuti usamagwedere. Foni, makatuni ndi mabuku a zithunzi ayi, makamaka pa malo atatu aja. Ndikudziwa kuti foni ndi imene imakhazika mwana chete, koma kwa mwana wa nseru mphindi khumi za makatuni pa makona ndi zokwanira kuti zonse zibwerere. M'malo mwake muimbireni, musimbireni nthano, kapena muziwerenga limodzi mathiraki amene akubwera kutsogolo. Zenera likhale lotsegula pang'ono kuti kamphepo kazimuwomba kumaso. Mafuta onunkhira ndi perefyumu tsiku limenelo musadzole, chifukwa fungo lamphamvu limafulumizitsa nseru.

Mwana sasanza mwadzidzidzi monga ambiri amaganizira. Thupi limachenjeza kaye, koma wa zaka 4 sadziwa kunena kuti ndili ndi nseru. Chimene mudzaone ndi ichi: mwana amene amalongolola wangokhala duu, wayamba kuyasamula pafupipafupi, akumeza malovu, akugeya, pamphumi patuluka thukuta lozizira, milomo yatuwa. Ena amanena kuti mutu ukuwawa kapena m'mimba mukupweteka. Mukaona zimenezi, musadikire. Mumasuleni juzi ndi chilichonse chothina pamimba, mupukuteni kumaso ndi pakhosi ndi kansalu konyowa, mutsegulireni zenera, atsamire n'kutseka maso. Nthawi zambiri mukachita izi msanga, nseru imabwerera m'mbuyo. Ikapitirira, chosanzira chikhale kale m'manja.

Chosanzira chabwino si jumbo yokha. Jumbo imafuna manja awiri kuti itseguke, ndipo inu dzanja limodzi lili ndi khanda. Tengani kontena yapulasitiki ya pakamwa patambalala yokhala ndi chivindikiro, monga ija ya majarini yaikulu, muyalemo jumbo, ndipo pansi pa jumboyo muikepo matishu kapena nyuzipepala kuti masanzi asakhavukire. Muonetseni mwana kunyumba mmene angaigwirire, kuti m'basi asadzachite nayo mantha. Akamasanza muweramitseni kutsogolo, osati chagada. Akatha, mangani jumbo, vindikirani, yalani ina. Majumbo asanu kapena asanu ndi limodzi akwana, ndipo muwasunge kutali ndi khanda, lingadziphimbe nawo kumaso. Kapaketi ka soda, yemwe uja timathira mu therere, kamathandiza kupha fungo ngati masanzi agwera pa mpando: pukutani kaye, kenaka wazani sodayo. Ndipo chonde musamukalipire pamaso pa anthu. Mwana amene akuopa kukalipiridwa amabisa nseru mpaka nthawi itatha, ndipo mantha pawokha amawonjezera vutoli.

Akasanza, achukuche m'kamwa n'kulavula. Dikirani mphindi 10 kapena 15 musanamupatse chakumwa, kenaka muyambe ndi pang'onopang'ono, kamodzi kumeza, n'kupuma, osati kapu yonse nthawi imodzi. Chakudya chidikire mpaka atapempha yekha, ndipo chiyambe ndi chouma monga bisiketi yopanda kirimu kapena kachidutswa ka buledi.

Tsopano za mankhwala, pamene ndikufuna mundimvetsetse bwino. Anzanu akamati mankhwala ogonetsa, ambiri amatanthauza piritoni kapena purometazini. Kumwetsa mwana mankhwala n'cholinga choti angogona asakuvuteni ndi chizolowezi chimene ife anamwino timachiletsa. Khanda lanu la miyezi 9 lisamwe chilichonse mwa izi, ngakhale kadontho. Purometazini ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa angathe kufooketsa kupuma kwake mpaka kuima, ndipo m'basi yodzaza, khanda lili m'chitenje, simungazindikire msanga kuti lasiya kupuma bwino. Inunso mayi musamwe mankhwala ogonetsa, chifukwa ndinu nokha amene mukuyang'anira ana awiriwa, komanso mukuyamwitsa.

Kwa wa zaka 4 nkhani ndi yosiyana pang'ono. Popeza amasanza ngakhale pa ulendo waufupi wa ku Zomba, n'koyenera kuti mupite naye kuchipatala sabata imodzi ulendo usanafike, muwafotokozere adokotala, amuyeze sikelo, ndipo iwo ndi amene asankhe mankhwala ndi mlingo wake. Mankhwala ena a nseru ya paulendo, monga sinarizini, amayambira zaka 5, choncho mwana wanu sanafikepo. Purometazini amatha kuperekedwa pa msinkhu wake pa mlingo wochepa, koma si onse ogwira ntchito zachipatala amene amavomereza kupatsa mwana wamng'ono chotere, ndipo ngati ali ndi chifuwa cha mphumu, matenda akugwa kapena akumwa mankhwala ena, muwauze. Musagule mapiritsi a akuluakulu pa golosale n'kumabenthula ndi maso.

Akakupatsani, kumbukirani zinthu ziwiri. Choyamba, mankhwalawa ndi oteteza, si ochiza. Amamwedwa ulendo usanayambe, ola limodzi kapena awiri basi isananyamuke, kapena usiku wake ngati akuuzani choncho. Mwana akayamba kale nseru, m'mimba mumasiya kugaya bwino, ndipo piritsi limangobwerera ndi masanzi. Akasanza atamwa, musabwereze mlingo poganiza kuti woyamba watayika. Chachiwiri, funsani ngati mungamuyese kamodzi kunyumba ulendo usanafike. Pali ana ena amene mankhwalawa m'malo mowagonetsa amawabalalitsa: amalira, amalusa, sakhazikika. Ndi bwino kuzidziwira ku Ndirande kusiyana ndi kuzidziwira pa Jenda. Mankhwalawa amaumitsanso kukamwa, choncho mwana adzafuna madzi pafupipafupi. Za ndimu ndi jinja, zimene ambiri amakhulupirira: kununkhiza khungu la ndimu kapena la nachesi kulibe vuto ndipo ana ena kumawatsitsimula, bisiketi ya jinja nayonso ndi yabwino, koma musadalire zimenezi zokha pa makona a Chiweta.

Tibwere ku chakudya. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kumana mwana chakudya poganiza kuti m'mimba mukakhala mopanda kanthu sasanza. Amasanzabe, ndipo kusanza ndulu yokha kumapweteka kwambiri ndiponso kumafooketsa. Cholakwika china ndi kumukhutitsa nsima ndi nyama ya mafuta m'mawa kuti asamve njala panjira. Chakudya cha mafuta chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo chidzakhala chikadali momwemo pamene mukukwera Dedza. Chofunika ndi chakudya chopepuka, chochepa, pafupipafupi, ndipo chachikulu chizigwera pamene kutsogolo kuli msewu wowongoka.

Tiyerekeze kuti basi ikunyamuka 7 koloko m'mawa. Cha m'ma 5:30 mwana adye phala la mgaiwa kapena Likuni Phala lopanda majarini wambiri, kapu imodzi, kapena tiyi wopepuka ndi buledi. Pa Zalewa, patapita ola limodzi kapena kuposerapo, mu Julayi mudzapeza manachesi ochokera ku Mwanza ndi Neno. Gulani, chifukwa chipatso chimene mukusenda nokha ndi chotetezeka kuposa chodulidwa kale, koma musambe m'manja kaye ndipo muchotse njere. Kuchokera pa Ntcheu mpaka kudutsa Lizulu ndi Dedza musamudyetse kanthu kolemera, madzi pang'ono ndi bisiketi youma basi. Chakudya chenicheni cha tsikulo adyere ku Lilongwe, masana, basi itaima, chifukwa kuchokera pamenepo kudutsa Mponela mpaka Kasungu ali ndi maola awiri kapena kuposa a msewu wabwino oti chakudyacho chitsike. Pa Kasungu nthochi imodzi. Pa Jenda, pamene anthu ambiri amagula chipisi ndi nyama ya pachiwaya, iye asadye, chifukwa makona a Chikangawa ali pafupi. Mgonero akadyere ku Mzuzu. Mawa lake chimodzimodzi: kadzutsa wopepuka ola limodzi ndi theka musananyamuke, kenaka osadya kanthu mpaka mutatsika Chiweta n'kufika m'mbali mwa nyanja cha ku Chitimba.

Kamba wa panjira akhale wosaonongeka msanga: buledi kapena masikono, mabisiketi opanda kirimu, nthochi zosapsetsa, mbatata yophika kapena yowotcha ndi khungu lake. Chakudya chophika chokhala ndi msuzi, monga mpunga wa nkhuku, sichiyenera kukhala maola oposa awiri chisanadyedwe ngati sichili pamoto kapena mufiriji, ndipo m'basi yotentha chimasasa msanga kuposa pamenepo. Mpunga wophikidwa 4 koloko m'mamawa si woti mwana adye ku Kasungu. Ngati mukufuna chakudya chotentha masana, gulani ku Lilongwe chimene chaphulidwa pamoto inu mukuona, ndipo kabichi wamuwisi ndi tomato wa saladi musiye. Mazira owiritsa fungo lake m'basi yotseka mazenera limadzutsa nseru, choncho adyedwe panja pamene basi yaima. Zakumwa za gasi zimatupitsa m'mimba. Yogati ndi mkaka wotsegula kale sizichedwa kuonongeka. Thobwa limapitiriza kusasa m'botolo ndipo limadzaza mimba. Mafirizesi ndi madzi a m'mapepala ogulitsidwa pazenera simudziwa kuti madzi ake anatungidwa kuti. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatiphunzitsa kuti funso limeneli si laling'ono. Chinanso chimene makolo ambiri sachiganizira ndi kutsamwa. Mtedza wosasinja, chimanga chokazinga, mbuliwuli ndi masiwiti olimba si zoti mwana wamng'ono adye basi ikuyenda, chifukwa bampu imodzi ingathe kulowetsa kanjere m'njira ya mpweya.

Khanda ndi losavuta kuposa mkulu wake, chifukwa chakudya chake chachikulu muli nacho. Liyamwitseni nthawi iliyonse likafuna, ngakhale pafupipafupi kuposa masiku onse. Bere ndi chakudya, ndi madzi, ndiponso ndi chimene chimalitonthoza. Potsika Chiweta, pamene msewu umachoka kumtunda n'kufika kunyanja m'kanthawi kochepa, makutu amatseka, ndipo kuyamwa kumathandiza kuwatsegula. Wamkuluyo azimeza madzi pang'onopang'ono. Popeza pa miyezi 9 limadyanso zina, thirani phala lowira kumene mu fulasiki yoyera, ndipo lidye cha m'mawa lisanazirale. Phala limene lafunda chabe pofika masana mulitaye. Madzulo nthochi yakupsa yokanya ndi sipuni ikwana. Musayambitse chakudya chatsopano pa ulendo, chifukwa likatuluka tizilonda kapena kutsegula m'mimba simudzadziwa chimene chayambitsa.

Madzi tengani malita atatu a tsiku loyamba, owiritsa kapena othira mankhwala oyeretsera madzi, kapena a m'botolo losatsegula. Oposa theka ndi anu, popeza mukuyamwitsa. Musamane mwana madzi poopa kuti adzafuna kukodza. Chitani izi m'malo mwake: paliponse pamene basi yaima nthawi yokwanira, mutsike naye akayese, ngakhale akunena kuti sakufuna. Muuzeni kondakitala musanatsike kuti muli ndi ana, kuti basi isakusiyeni, ndipo khanda libereke kumsana kuti manja onse awiri akhale a wamkuluyo. Pa depoti ya Lilongwe ndi ya Mzuzu musamusiye dzanja. M'thumba la chovala chake muikemo kapepala kolembapo dzina lanu ndi nambala ya foni.

Zovala zifuna nzeru chifukwa mudzadutsa nyengo zitatu. Mu Julayi Blantyre m'mamawa kumazizira. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo mphepo yake ndi yodziwika. Masana pakati pa Lilongwe ndi Kasungu m'basi yodzaza mumatentha. Chikangawa madzulo kumakhala chifunga ndi kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo Mzuzu usiku ndi chimodzimodzi. Mawa lake mukatsika Chiweta mwafika kunyanja, mamita osakwana 500, ndipo juzi sifunikanso. Choncho chovala chimodzi chochindikala sichithandiza. Avale zopyapyala zingapo zosanjikiza: kamalaya ka thonje mkati, ka manja aatali pamwamba, kenaka juzi yotsegula kutsogolo ya zipi kapena mabatani. Ya kutsogoloyi ndi yofunika, chifukwa juzi yovulira kumutu ikakhala ndi masanzi imapaka tsitsi ndi nkhope yonse. Buluku likhale la lasitiki yofewa yosathina pamimba, losavuta kutsitsa mwachangu. Diresi ya tchalitchi ndi nsapato zatsopano zoti agogo akaone zikhale m'chikwama, akavale mwafika.

Kutentha kumabweretsa nseru kuposa kuzizira, ndipo amayi ambiri amafunditsa ana mopitirira. Kwa khanda, chipewa ndi masokosi ndi zofunika pa Dedza ndi pa Chikangawa, koma likakhala pathupi panu limalandira kale kutentha kwanu. Musaweruze pogwira manja kapena mapazi, amene amazizira nthawi zonse. Pisani dzanja kumbuyo kwa khosi kapena pachifuwa: pakakhala thukuta, chotsani chimodzi. Nkhope yake isaphimbidwe ndi bulangeti kapena shawelo, ndipo likagona chibwano chisagwere pachifuwa.

Chikwama chachikulu chidzapita pansi pa basi ndipo simudzachionanso mpaka mutafika. Zonse zofunika panjira zikhale m'kachikwama ka pamapazi panu. Wamkuluyo akhale ndi zosintha zathunthu ziwiri kapena zitatu, khanda zitatu, ndipo inuyo bulauzi imodzi, chifukwa mwana akasanza amasanzira amayi ake. Mangani zosintha za ulendo umodzi m'jumbo yakeyake, malaya, buluku ndi kabudula wamkati pamodzi, kuti muzingosolola ndi dzanja limodzi, ndipo zakudazo zilowe m'jumbo yomweyo. Zitenje zikhale zinayi: choberekera, choyala pamiyendo panu ndi pa mwana, chofunda, ndi china chosungira. Matewera otaya khumi akwana tsiku loyamba ngakhale basi itafa panjira. Muikemonso sopo, kansalu konyowa m'kajumbo, matishu, mabuku a kuchipatala a ana onse awiri, panado wa madzi wa ana ndi kachoyezera kake, mapaketi atatu a Thanzi ORS, ndi botolo loyera la lita imodzi yeniyeni losungunuliramo.

Ndinalonjeza kubwerera ku kusanza kumene si kwa basi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhale tcheru koposa. Nseru ya paulendo ili ndi khalidwe lake: imabwera basi ikuyenda, imachepa basi ikaima, ndipo mwana akatsika n'kupuma mphindi 20 kapena 30 amayambanso kusewera ndi kupempha chakudya. Sibwera ndi kutentha thupi, ndipo sibwera ndi kutsegula m'mimba. Ngati mwana akusanzabe basi itaima kalekale, ngati thupi latentha, kapena ngati wayamba kutsegula m'mimba, ganizirani malungo kapena matenda a m'mimba. Akatentha thupi mungamupatse panado pa mlingo wa msinkhu wake, koma panado sachiza malungo. Ayezedwe magazi tsiku lomwelo.

Akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, osachepetsa madzi, osawonjezera shuga. Khanda limwe mamililita 50 mpaka 100, ndiye kuti kota mpaka theka la kapu, nthawi iliyonse likachita chimbudzi cha madzi, ndi sipuni, uku likuyamwabe. Wa zaka 4 amwe theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso mochedwerapo, sipuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Muziyang'ana thewera: khanda likatha maola 6 louma, kapena maso alowa, liwombo lalowa, likulira popanda misozi, madzi achepa m'thupi.

Pali zizindikiro zimene mukaziona ulendo uyenera kuima: mwana akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse chimene wamwa, wakomoka kapena akugwedezeka ngati wakugwa, wafooka moti sakudzuka bwino, akupuma movutikira, kapena masanzi ake ndi obiriwira kapena a magazi. Pamenepo musanene kuti tikaonera ku Karonga. Uzani kondakitala kuti mutsike pa chipatala chapafupi. Msewuwu umadutsa pafupi ndi zipatala za boma za Ntcheu, Dedza ndi Kasungu, chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe ndi chachikulu cha Mzuzu. Tikiti yotayika mudzagula ina. Ngati mukukayika, kuimbira Chipatala Cha Pa Foni ndi kwaulere, ndipo mungalankhule ndi azaumoyo muli pampando pomwepo, choncho foni ikhale yodzaza moto ponyamuka.

M'chikwama chachikulu musaiwale neti yanu, chifukwa ku Karonga udzudzu ndi wambiri kuposa ku Ndirande ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo simukudziwa ngati kwa apongozi kuli neti yokwanira alendo atatu. Malungo amatenga sabata imodzi kapena kuposerapo kuti aonekere udzudzu ukaluma, choncho mwana akadzatentha thupi pa ulendo wobwerera kapena m'masabata otsatira mutafika kunyumba, mukawauze a kuchipatala kuti munali kunyanja. Pobwerera ndondomeko ya chakudya itembenuke: Chiweta idzabwera koyambirira, choncho kadzutsa wa ku Karonga akhale wopepuka kwambiri, mankhwala ngati alipo amwedwe musanachoke pakhomo, ndipo chakudya chachikulu cha tsiku lachiwiri chidikire mpaka mutadutsa Chikangawa n'kufika pa Kasungu.